Dongosolo la zoika pa Facebook ndi WhatsApp mwezi wa Okutobala, bekare ya ku Chilomoni

Amayi, dongosolo lija munandituma ndi ili. Ndalilemba ndikudziwa kuti mumadzuka 3 koloko m'bandakucha kukanda fulawa, ndipo foni mumaigwira mukatsitsa thireyi yomaliza. Ndalama yolipirira malonda pa Facebook palibe, ndiye batani lija lolembedwa Boost post musalikhudze. Chathu ndi bandulo ya WhatsApp ndi ya Facebook basi.

Pa tsamba la Facebook tiziika katatu pa sabata: Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Zitatuzi ndizilemba ine Lamulungu masana tikaweruka ku tchalitchi, n'kuziika mu Meta Business Suite kuti zizituluka zokha 6 koloko m'mawa. Inu gawo lanu lalikulu ndi ili: chithunzi chimodzi tsiku lililonse pa Status ya WhatsApp, masikono akangotuluka mu uvuni. Status imafufutika pakatha maola 24, choncho isakhale yokongoletsa. Jambulani pafupi ndi zenera lakum'mawa, musayatse fulashi, pukutani kaye galasi la kamera chifukwa limagwira mafuta. Pansi pake mulembe mtengo. Chithunzi chopanda mtengo chimangobweretsa mafunso a "zingati?" amene mulibe nthawi yowayankha.

Sabata yoyamba ndi yokumbutsa anthu zomwe timaphika. Lolemba masikono ndi mabanzi, Lachitatu buledi wodula, Lachisanu kakanema kafupi ka Chisomo akutulutsa chigumu. Mawu a Lolemba ndi awa: "Mwadzuka bwanji a Chilomoni? Masikono atuluka, akadali otentha. K500 imodzi. Tatsegula kuyambira 6 koloko."

Mwezi wonsewu watsamira pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala. Anthu ambiri amakumbukira mochedwa, n'kubwera pa 14 madzulo kufuna keke yolembedwa dzina, ife mazira atatha. N'chifukwa chake sabata yachiwiri yonse ndaipereka ku keke. Lolemba tionetse masaizi awiri okha, yaing'ono ya K25,000 ndi yaikulu ya K40,000. Mitundu yambiri ingatisokoneze m'khitchini. Mawu ake: "Mayi anu akudya keke pa 15 pano? Maoda tikulandira mpaka pa 12 Okutobala. Perekani theka pa Airtel Money kapena Mpamba, mutiuze dzina loti tilembe." Lachitatu tibwerezenso uthenga womwewu ndi chithunzi china, poganizira ana ali ku Joni ndi ku Lilongwe amene makolo awo ali kuno: iwo alipire pa foni, keke tikasiya ndife kunyumba mkati mwa Chilomoni. Lachisanu tinene chilungamo kuti malo atsala angati. Uvuni wathu sungapitirire makeke 20 pa masiku awiri uku tikuphikanso buledi, ndiye tikakwana 20 tilembe kuti tatseka, ngakhale wina achonderere.

Pa 15 penipeni tisagulitse kanthu pa tsamba. Ndikupempha tiike chithunzi cha manja anu ali mu fulawa, ndi mawu ofunira amayi onse zabwino. Ndikudziwa simukonda kujambulidwa nkhope, n'chifukwa ndati manja. Obwera kudzatenga keke tiziwapempha kaye tisanawajambule, ndipo ana a eni ake asaoneke popanda chilolezo cha makolo.

Sabata yachitatu, pa 15 patadutsa, tidzakhala titatopa. Zithunzi za makeke aja zikwanira, pamodzi ndi mawu othokoza. Kasitomala akatitumizira uthenga woyamikira, timufunse ngati tingauonetse, dzina ndi nambala titabisa.

Sabata yachinayi matumba a anthu amakhala atauma, kwinaku dzuwa likuswa mtengo. Apa tionetse zotsika mtengo: zitumbuwa, mandasi, mabanzi a ana opita kusukulu. Lachisanu lomaliza, malipiro akayamba kulowa, tikumbutse za makeke a tsiku lobadwa ndi a zinkhoswe, tinenenso kuti maoda a maukwati a Disembala tayamba kulemba.

Mauthenga tiziyankha kawiri patsiku, 10 koloko m'mawa ndi 4 koloko madzulo. Mitengo ndaiika kale mu Catalog ya WhatsApp Business, wofunsa mungomutumizira imeneyo. Magetsi akazima buledi n'kuchedwa, lembani pa Status nthawi yomweyo kuti atuluka nthawi yanji, anthu asayende ulendo wachabe.

Kope lofiira lija la ngongole ndalijambula mizere kumasamba akumapeto. Aliyense wopereka oda mumufunse kuti anationa pati, mulembe F ngati ndi Facebook, W ngati ndi WhatsApp. Pa 31 tidzawerenga limodzi, ndipo za Novembala tidzakonza potengera zimenezo.