Tchati cha chiwerengero cha anthu, pa msonkhano wa komiti ya chitukuko cha dera, ADC, ku Ntcheu

Zikomo a Tcheya, zikomo a Gulupu ndi mafumu onse, amayi ndi abambo. Tsopano tafika pa tchati chija ndinanena poyamba paja. Pepalali ndalimata apa koma ndikudziwa kuti inu muli kumbuyo uko, ndi inu mwakhala pa windo panjapo, mukungoona kamzere kofiira basi, manambala simukuwaona. Musavutike kuimirira ayi, khalani pansi. Ndikuuzani zonse ndi pakamwa, inu muzingotsatira dzanja langali.

Tchatichi chikuonetsa kuti a Malawi tinalipo angati nthawi iliyonse imene boma lachita kalembera, manambala ake ndi a NSO, ofesi ya boma yoona za kalembera ya ku Zomba ija. Mmunsimu, kuchokera kumanzere kupita kumanja, muli zaka, kuyambira 1966 kukafika 2018. Mbali iyi yoimirirayi ndi anthu, pansi ndi ziro, pamwamba penipeni ndi 20 miliyoni. Ndiye mzere ukakwera ndekuti tachuluka. Pamzerepo pali timadontho 6, kadontho kalikonse ndi kalembera mmodzi.

Ndisanatchule nambala iliyonse, tamvani kaye mmene mzerewu ukuyendera. Wayambira pansi kuno kumanzere cha mchiuno mwangamu, wakathera pamwamba kumanja kupitirira mutu wanga. Palibe pamene watsika olo pamodzi. Uli ngati msewu wokwera phiri umene ukuyamba pang'onopang'ono, pakati pali kamalo kopumirapo, kenako chitunda chenichenicho chili kumapeto. Kamalo kopumirako ndi chitunda chakumapetocho ndi zimene ndikufuna tikambirane.

Kadontho koyamba, 1966, patangopita zaka ziwiri chilandirireni ufulu, tinalipo 4 miliyoni. Dziko lonse, kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Kachiwiri 1977, 5 miliyoni ndi hafu. Apa mzere ukukwera bwinobwino, mosathamanga.

Kenako onani dzanjali, kuchoka 1977 kupita 1987 ladzuka. Tafika pafupifupi 8 miliyoni. Ndekuti pa zaka 21 zokha anthu achuluka kawiri, pamene panali munthu mmodzi pali awiri. Koma apa pali nkhani ina imene inu akuluakulu a kuno mukuidziwa kuposa ine, chifukwa si ana obadwa okha amene anakweza mzerewu. Nkhondo ya ku Mozambique inali itavuta, abale athu amaoloka malire kubwera kuno, kuno ku Ntcheu, ku Dedza, ku Mangochi, ku Mulanje, ku Nsanje, ndipo kalembera amawerenga munthu aliyense amene wamupeza mdzikomo. Ndikuona agogo apo akugwedeza mutu, eya, munawalandira ndinu. Pofika kumayambiriro a zaka za m'ma 1990 othawa nkhondowo anali atakwana cha m'ma 1 miliyoni.

Ndiye mvetserani, apa ndi pamalo popumira paja. Kuchoka 1987 kupita 1998 mzere ukukwerabe koma wagona pang'ono, dzanja langali mukuliona lapendekeka. Mu 1998 tinalipo 9.9 miliyoni, tingoti 10 miliyoni yosakwana. Munthu wongoona tchati angaganize kuti a Malawi anayamba kubereka ana ochepa nthawi imeneyo, ayi ndithu, nthawi imeneyo mayi mmodzi amabereka ana 6 kapena 7. Chinachitika nchoti mu 1992 ku Mozambique anasainirana mtendere, anthu aja nkumabwerera kwawo, komanso zaka zomwezo ndi zimene Edzi inatipweteka kwambiri, ma ARV kunalibe mzipatala zathuzi, maliro anali osati masewera. Ndiye kupumako sikuti kunali kwabwino konse ayi.

Tsopano chitunda. 2008, 13 miliyoni. 2018, 17 miliyoni ndi hafu, apa ndi pamene dzanja langa lapitirira mutu.

Ndikudziwa manambala achuluka, ndiye aiwaleni enawo, gwirani awiri awa okha. Pakati pa kadontho koyamba ndi kachiwiri, zaka 11, tinaonjezekera ndi anthu 1 miliyoni ndi hafu. Pakati pa timadontho tiwiri tomalizati, zaka 10 zokha, taonjezekera ndi 4 miliyoni ndi hafu. Mwamva? Anthu amene anaonjezekera pa zaka 10 zimenezo ndi ambiri kuposa a Malawi onse amene analipo mu 1966. Ndibwerezenso chifukwa kumbuyoko kunali phokoso la njinga yamoto, oonjezekera okhawo kuchoka 2008 kufika 2018 aposa dziko lonse la mu 1966.

Pakona yakumanja mmunsimu pali katchati kena kakang'ono ka mzere wobiriwira, kameneka ngakhale a pabenchi loyamba sakukaona bwino, pepani, malo anandithera papepalapa. Mzere wake ukuyenda mosemphana ndi wofiira uja, wayambira pamwamba nkumatsika. Ukuonetsa ana amene mayi mmodzi amabereka pa moyo wake, kutengera kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wotchedwa DHS. Mu 1992 inali 6.7, musaseke, palibe mwana wa hafu, tanthauzo lake amayi 10 ana 67. Mu 2000 amayi 10 omwewo ana 63, mu 2010 ana 57, ukutsika koma monyinyirika. Kenako pofika 2015 ndi 2016 wagwa kwambiri, ana 44. Zaka zisanu zomalizazo watsika kuposa mmene unatsikira zaka 18 zonse zam'mbuyo.

Ndiye wina afunsa, ndipo a Sekilitale ndakuonani mwakweza kale dzanja, kuti nanga ngati amayi akubereka ana ochepa, wofiirayo akukwereranji chonchi? Yankho lake ndi loti amayiwo ndi amene achuluka. Ana aja anabadwa ambirimbiri m'ma 1990 lero ndi makolo, aliyense olo abereke anayi okha, anayi kuchulukitsa ndi chigulu chonsecho ndi anthu ambiri zedi. Chinanso, ndipo ichi nchosangalatsa, ana sakumwalira ngati kale. Mu 1992 pa ana 1,000 obadwa, oposa 230 samafika zaka zisanu, pofika 2016 anali osakwana 70. Katemera, maneti, sikelo ija timakukakamizani mwezi ndi mwezi ija, zikugwira ntchito. Ndipo mu kalembera wa 2018 hafu ya a Malawi onse anali ana osakwana zaka 18, ambiri mwa amenewo anali asanayambe nkomwe mabanja, ndekuti mzere wofiirawu ukwerabe kwa zaka zambiri ngakhale wobiriwirayu apitirize kutsika. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka nkumati kulera sikukuthandiza, pamene kukanakhala kuti wobiriwirayu sanatsike, wofiirayu bwenzi ataboola pepalali.

Chimene sichikuoneka pa tchatipa ndi malo, chifukwa mzere wake ukanangokhala wogona osasuntha. Mu 2008 pa sikweya kilomita imodzi timakhalapo anthu 138, mu 2018 tinali 186, ndipo anthu 84 pa 100 alionse tili kumudzi, tikudalira munda. Mafumu, milandu ya malire a minda imene mukuweruza sabata ndi sabata ija, ndi kalasi ya sitandade 1 imene ana akukhala pansi pa mtengo ija, gwero lake lina ndi limeneli.

Pepalali ndilisiya pakhoma pompano, pa nthawi ya buleki amene akufuna abwere adzaone pafupi, a mafoni mujambule mukaonetse anzanu ku VDC. A Tcheya, ndisanapite ku nkhani ya njira zolerera ndi masiku a kiliniki yoyendayenda, ndilandire kaye mafunso awiri kapena atatu, tiyambe ndi amayi avala chitenje chabuluu kumbuyoko.