Zokayankhula pa positala ya kangaru: mphindi ziwiri

Ndazitenga pa chithunzi cha positala chimene ndinajambula ndi foni dzulo. Ndime yofotokoza mmene tinasankhira zolembedwa zoti tiwerenge ndaichotsa yonse, wofuna akawerenga yekha. Za m'mabulaketi n'zanga, osazitchula.

(Ima kumanzere, usatchinge chithunzi cha mayi ndi mwana. Yang'ana anthu.)

Zikomo nonse. Mwana akabadwa masiku asanakwane, kapena ali wochepa thupi kwambiri, timathamangira kumuika m'makina omufunditsa, mayi n'kutsala panja. Timati adzamufungata akayamba kupeza bwino. Positala yathu ikufunsa kuti, kodi kudikirako n'kofunika?

(Puma pang'ono.)

Njira ya kangaru si yachilendo. Inayamba mu 1978 ku Bogotá, m'dziko la Colombia, makina ofunditsira ana atachepa. Mwana amagonekedwa pachifuwa cha mayi, khungu kukhudzana ndi khungu, n'kumangidwa ndi nsalu. Amafundidwa ndipo amayamwa msanga.

(Loza tebulo lapakati. Apa usathamange, mutu wa nkhani ndi uwu.)

Chatsopano ndi nthawi yoyambira. Kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021 anachitika ku Ghana, India, Malawi, Nigeria ndi Tanzania, pa ana oposa 3,000 obadwa ndi sikelo yoyambira kilogalamu imodzi koma yosafika makilogalamu 1.8. Ena anayamba kangaru atangobadwa, ena anadikira monga mwa nthawi zonse. Pofika masiku 28, mwa ana 100 alionse amene anayamba msanga anamwalira 12. Mwa odikira aja anamwalira pafupifupi 16. Kusiyana kwake ndi pafupifupi ana anayi pa 100 alionse.

(Mawu otsirizawo pang'onopang'ono. Manambala ena a m'tebulo asiye, amangosokoneza.)

Mu 2022 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linasintha malangizo ake: kangaru iyambe mwana atangobadwa, kwa maola 8 mpaka 24 patsiku.

Titawerenga zonsezi, maganizo athu ndi akuti vuto lalikulu si nsalu kapena luso la anamwino. Ndi bedi. Zipinda za ana odwala zinamangidwa poganizira ana okha, mayi alibe pogona. Ndiye tikupempha oyang'anira zipatala kuti mayi akhale ndi bedi m'chipinda momwemo, usana ndi usiku, ndipo akatopa, bambo kapena wachibale aloledwe kumulandira mwanayo. Zikomo, ndili pompano ngati pali mafunso.

(Ndikayeseza zikukwana mphindi imodzi ndi masekondi 50. Belu likalira msanga, dumpha za Bogotá. Funso la mwana amene sakupuma yekha sililephera: yankha kuti mwana wotero, kapena amene wafooka kwambiri, ayambe walandira thandizo lopulumutsa moyo, malangizo a WHO amatero.)