Kachizindikiro Kamodzi

Mlonda, a Phiri, atayamba kuzungulira cha m'ma 10 koloko usiku, Tadala anali akadali mu labu ya makompyuta. Pulogalamu yake ya C inayenera kupeza avereji ya malikisi a ophunzira 40, koma inkangotulutsa 0, pena nambala yosadziwika komwe yachokera. Chomupweteka mtima kwambiri n'chakuti `gcc`, pulogalamu yomasulira C kuti kompyuta imve, sinkadandaula chilichonse.

Anaunika fayilo ya malikisi, inali bwinobwino. Anasintha `int` kukhala `float`, koma ayi ndithu. Anzake anachoka mmodzimmodzi. Tiyi wa m'fulasiki anazizira, maso anayamba kuthetha, ndipo ntchitoyo inali yopereka 8 koloko m'mawa.

"Mwanawe, sukagona?" anafunsa a Phiri atasuzumira pakhomo.

"Ndatsala pang'ono, bambo," anayankha, misozi ili m'maso.

Tambala woyamba atalira, analemba `printf` pafupi ndi mzere wophatikiza malikisi kuti aone mmene nambala zikukwerera. Ankayembekezera mizere 40. Unatuluka umodzi wokha.

Mtima unagunda. Anaika chala pa sikirini n'kuyamba kuwerenga mokweza, chilembo ndi chilembo, ngati mwana wa Sitandade 1.

```c
for (i = 0; i < n; i++);
    sum += marks[i];
```

Chala chinaima pa `;` wa kumapeto kwa mzere woyamba. Lupu inkazungulira ka 40 yopanda chochita, kenako mzere wachiwiri n'kuwerenga `marks[40]`, malo amene munalibe malikisi a munthu aliyense.

Anafufuta kachizindikiroko n'kuyesanso. Pa sikirini panaoneka 63.5.

Kunja kunali kutayera, a Phiri akuzimitsa magetsi a pakhonde.