Nyanja ya Chilwa Ikaphwa, Mbewu ya Matemba Imatsala M'maiwe | Kadulidwe ka Gawo 23

Pulogalamu: Macheza a pa Doko
Kutalika kwa kadulidwe: mphindi 7 ndi masekondi 40
Malo ojambulira: doko la Kachulu, boma la Zomba
Chiyankhulo: Chichewa, mwina ndi mwina Chiyawo (mawu olembedwa m'munsi ndi a Chichewa)

Zomwe zili mu kanemayu

Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imangolandira kuchokera ku Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi mitsinje ina, ndipo poti ndi yosazama, mvula ikavuta zaka zotsatizana dzuwa limaimaliza. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka matope ong'aluka, mabwato ali gonegone pamtunda. Funso limene tinapita nalo ku Kachulu ndi ili: madzi akabwerera, nsomba zimachokera kuti?

Mu kadulidwe aka a Che Jafali, omwe ndi msodzi, akuyankha mosazungulira. Akuti matemba, makumba ndi milamba zimathawira kumathiriro a mitsinje ndi m'maiwe otsala m'mitsinjemo, ndipo zotsalazo ndi zimene zimadzaswana mvula ikagwa. Choncho munthu wothira katupe, mankhwala ophera nsomba, padziwe m'chaka cha chilala, kapena wokokolola ndi neti yotetezera udzudzu, wapha mbewu ya nyanja yonse. "Amene uja wadya chaka chamawa cha ana anga," akutero.

Mayi Nambewe, ochita geni ya matemba, sakuvomera msanga. Iwo akukumbutsa kuti chaka chimene nyanja yaphwa ndi chomwechonso chimanga chapserera m'munda, ndipo mayi amene ana ake agona ndi njala sungamuuze kuti asiye nsomba padziwe popanda kumuonetsa kolowera. Apa ndi pamene macheza akutentha, ndipo tasiya dala mbali imeneyi osadula chilichonse, ngakhale pamene awiriwa akulankhulira limodzi. Ife tikuona kuti onse akunena zoona, koma mfundo ya mayiwa ndi imene imasowa m'misonkhano yambiri ya za usodzi. Lamulo loteteza maiwe limagwira ntchito pokhapokha anthu a m'mbali mwa mtsinje ali ndi china chodya m'miyezi imeneyo.

0:00 Che Jafali akumbuka tsiku limene anasiya bwato m'matope
1:25 Kumene nsomba zimabisala
3:05 Katupe, maneti a udzudzu ndi makomiti a m'madoko
4:30 Mayi Nambewe: "Njala ilibe nyengo yotseka"
6:50 Aphunzitsi a Phiri afotokoza za ulendo wa ku Chisi madzi atachepa

Alendo athu

Alendowa anapempha kuti tiwatchule monga amatchulidwira kwawo.

Che Jafali, msodzi wa mbali ya Machinga. Anayamba usodzi ali mnyamata ndipo wakhala nthawi yaitali m'zimbowera, tinyumba tija asodzi amamanga pa udzu woyandama pakati pa nyanja. M'gawo lathunthu akufotokoza za madzi akumwa kumeneko ndi chifukwa chake kolera sachedwa kufala pakati pa asodzi.

Mayi Nambewe, ochita geni ya matemba ouma. Amapikula ku Kachulu n'kukagulitsa mumsika wa Zomba ndi ku Limbe, ndipo ndi msungichuma wa banki m'khonde ya amayi anzawo a geni.

Aphunzitsi a Phiri, opuma pantchito, obadwira pachilumba cha Chisi.

Wochititsa macheza ndi Achisale. Kujambula ndi kulumikiza zithunzi: gulu la Macheza a pa Doko. Tikuthokoza eni bwato amene anatilola kujambulira pamthunzi wawo. Phokoso la injini limene likumveka cha pa 5:10 ndi la boti lonyamula anthu opita ku Chisi. Tinaliyesa kulichepetsa mpaka pamene mawu a alendo sangasokonekere.

Mawu ofufuzira

Nyanja ya Chilwa, Kachulu, Chisi, Zomba, Machinga, Phalombe, matemba, makumba, mlamba, usodzi, zimbowera, katupe, chilala, kusintha kwa nyengo, geni ya nsomba, amayi a bizinesi, madambo

#NyanjaYaChilwa #Matemba #Kachulu #Usodzi #MachezaAPaDoko

Gawo lathunthu

Macheza onse ndi a mphindi 58. Muli zambiri zimene sizinakwane pano: alenje a mbalame za m'dambo, ulimi wa mpunga umene umalowerera kunyanja madzi akabwerera m'mbuyo, komanso zomwe zinasintha ndi zomwe sizinasinthe kwa msodzi wamba chilembetsereni nyanjayi mu 1997 kukhala dambo lofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar. Amene bando yanu ndi yochepa, patsamba lomweli pali mawu okha opanda zithunzi.

https://machezapadoko.example.com/gawo-23