Mgwirizano wa Ntchito ya pa Chigayo ku Bangula: Gawo la Notisi ndi Kutha kwa Ntchito

Gawo ili ndi la mgwirizano wa pakati pa ine Felesiya Nyathando, mwini chigayo cha pafupi ndi msika wa Bangula m'boma la Nsanje, ndi inu a Lusiyano Chapepa a ku Makhanga, amene mukuyamba ntchito yoyendetsa chigayochi Lolemba pa 2 Malichi 2026. Malipiro anu ndi K156,000 pamwezi, ndipo muzigwira masiku 6 pasabata. Paliponse palembedwa "ine" ndi mwini chigayo, "inu" ndi a Chapepa. Ndalemba m'chinenero chomwe timalankhulana tsiku ndi tsiku kuti likadzafika tsiku losiyana pasadzakhale wonena kuti pepala silinamveke. Lamulo la Ntchito la 2000 ndilo likutitsogolera, ndipo ngati pena ndalemba zochepera zimene lamulolo limakupatsani, tidzatsata lamulo.

1. Ntchitoyi ilibe tsiku lothera. Lamulo limalola kuyamba ndamuyesa mmisiri kwa miyezi yosapitirira 12, koma inu sindikuyesani. Ndinakuonani mukusintha mahamala ndi sefa, ndipo ndinakhutira. Zonse zalembedwa pano zikuyamba kugwira ntchito tsiku lanu loyamba.

2. Amene akufuna kuthetsa ntchito, kaya ndinu kaya ndine, apereke notisi ya mwezi wathunthu. Umu ndi m'mene lamulo limanenera kwa munthu wolandira pamwezi, ndipo likutimanga tonse mofanana.

Notisi ikhale kalata yolembedwa, yokhala ndi deti ndi siginecha, yoperekedwa pamanja pali mboni imodzi. Wolandirayo asaine pa kope lachiwiri. Kusainako kukungosonyeza kuti kalata yafika, sikukutanthauza kuti wavomereza zomwe zalembedwamo. Mawu otuluka pakamwa tikapsetsana mitima si notisi. Ndikakunenani kuti "chokani pano" fumbi la ufa lili m'maso ndipo mzere wa anthu wafika kumsewu, m'mawa mwake bwerani kuntchito, chifukwa simunachotsedwe. Inunso mukanena kuti "ndasiya" n'kuponya sipanala pansi, sindidzawerenga kuti mwasiya mpaka nditaona kalata. Uthenga wotumizidwa kudzera mwa mwana, mnansi kapena woyendetsa kabaza nawonso si notisi.

Mwezi tidzayamba kuuwerenga tsiku lotsatira lomwe kalata yalandiridwa. Kalata ikalandiridwa pa 10 Juni, tsiku lomaliza ntchito ndi 10 Julayi. M'mwezi umenewo muzibwera monga mwa masiku onse, ndipo ine ndizikulipirani osachotsera kanthu. Ngati notisi yachokera kwa ine, ndidzakupatsani masiku awiri olipidwa kuti mukafunefune ntchito kwina, kaya ku Ngabu kaya ku Nchalo.

3. Amene sakufuna kudikira mwezi alipire m'malo mwa notisi. Ndikafuna kuti muchoke lero lomwe, ndikupatsani K156,000 ya mwezi womwe mukadagwira, pamwamba pa malipiro a masiku omwe mwagwira kale. Mukachoka inu osapereka notisi, mudzakhala ndi ngongole kwa ine ya ndalama yomweyo. Mukapereka notisi n'kuchoka pakati, ngongoleyo ndi ya masiku otsalawo basi, pa K6,000 tsiku lililonse la ntchito. Ndingathe kukukhululukirani ngongoleyi, monga pa matenda aakulu a kubanja, koma kukhululukako kulembedwenso.

Ndimeyi ndayiika ndi mtima wonse. Woyendetsa wakale anachoka usiku anthu atangokolola mapira ndi mchewere. Chigayo chinakhala chotseka masiku 12, amayi akusenza matumba kupita kwina dzuwa la kuno likuswa mtengo, ndipo ena mwa iwo sanabwererenso. Sindikukuletsani kuchoka mukapeza pabwino. Ndikungopempha mwezi woti ndipeze wina ndipo mumuonetse m'mene mota yathu imafunira.

4. Notisi payokha sikundipatsa mphamvu yokuchotsani popanda chifukwa. Chifukwa chiyenera kukhala chimodzi mwa izi: khalidwe lanu pantchito, kulephera kwanu kugwira ntchito, kapena vuto la bizinesi yeniyeniyo. Ndidzachilemba m'kalata ya notisi momveka, osati kungoti "sitikumvana".

Ngati chifukwacho ndi khalidwe kapena kagwiridwe kanu, ndisanagamule ndidzakuuzani mlandu wanu polemba ndi kukupatsani masiku atatu okonzekera. Tidzakhala pansi ndi kumva mbali yanu, ndipo mungabwere ndi munthu mmodzi amene mwamusankha. Pa zolakwa zazing'ono monga kuchedwa kutsegula, kusasesa m'chigayo kapena kuyankha makasitomala mwaukali, ndidzayamba ndi chenjezo la pakamwa, kenako makalata awiri a chenjezo, ndipo notisi idzabwera pambuyo pake. Chenjezo likatha miyezi 12 osalakwanso, lafufutika.

Sindingakuchotseni chifukwa cha mtundu wanu, chinenero chanu, tchalitchi kapena mzikiti womwe mumapemphera, chipani chomwe mumachikonda, kulowa bungwe la anthu apantchito, kudwala kwa kanthawi, kapena chifukwa mwakandidandaulira ku ofesi ya leba.

5. Pali zolakwa zazikulu zomwe ndingakuchotsereni popanda notisi ndi popanda malipiro a notisi. Pa chigayo pano ndikunena izi: kuba ndalama zogayitsa, ufa kapena madeya a anthu, kuyatsa mota mutaledzera, kumenya munthu kapena kuvutitsa amayi ndi atsikana odzagayitsa, kukana dala lamulo loyenera la ntchito, monga kuzimitsa makina lamba akayamba kununkha, kunyalanyaza ntchito mobwerezabwereza, ndi kujomba masiku 5 otsatizana popanda chilolezo ndi popanda chifukwa chomveka. Ngakhale apa ndidzayamba ndamva mbali yanu. Mphekesera ya pamsika si umboni. Malipiro a masiku omwe mwagwira ndi a tchuthi chomwe simunapite mudzalandirabe.

6. Inunso mungachoke popanda notisi ndi popanda ngongole ngati ine ndachita zoti munthu sangapirire: kukhala miyezi iwiri osakulipirani, kukumenyani kapena kukunyozani pagulu mobwerezabwereza, kapena kukukakamizani kuyendetsa makina omwe tonse tikudziwa kuti mawaya ake ali poyera. Kuchoka kotere kudzawerengedwa ngati ndakuchotsani ine mopanda chilungamo.

7. Madzi ndi magetsi ndazilembera ndime yakeyake, chifukwa kuno kuchigwa ndi zimene zimayambanitsa anthu pantchito. Banja lanu lili kutsidya, ndipo Loweruka madzulo muziwoloka pa bwato pa Mtayamoyo. Shire kapena Ruo akasefukira muli kumeneko, masiku omwe mwatsekeredwa si kujomba. Musadzakwere bwato pa madzi olusa poopa kuti ntchito ikutherani. Ndiimbireni kapena tumizani uthenga foni ikangogwira, ndipo mubwere pasanathe masiku awiri mabwato atayambanso kuwolotsa anthu bwinobwino. Pa nthawi yotere yokha, madzi atatilekanitsa, notisi yolembedwa pa foni idzaloledwa, koma kalata yosainidwa itsatire tikangoonana, ndipo mwezi udzawerengedwa kuyambira tsiku lotsatira lomwe wolandira wayankha uthengawo.

Chigayo chikaima chifukwa cha kuzima kwa magetsi kapena kulowa kwa madzi, ntchito yanu sinathe. Tonse tikukumbukira Januwale 2022 pamene namondwe Ana anawononga damu la Kapichira magetsi n'kukhala osowa kwa miyezi yambiri, ndi Malichi 2023 pamene Freddy anadula misewu. Zikadzachitika zotere, mwezi woyamba malipiro anu ndi athunthu, ndipo muzithandiza kupukuta makina, kuchotsa matope ndi kulondera katundu masana. Mwezi ukatha chigayo chisanadzuke, tidzakhala pansi. Tikagwirizana zochepetsa masiku ogwira, tidzalemba ndi kusaina tonse. Sindingachepetse malipiro anu pandekha. Tikalephera kugwirizana, ndidzakupatsani notisi ya mwezi pa chifukwa cha vuto la bizinesi, ndipo ndime 8 idzagwira ntchito.

8. Ntchito ikatha chifukwa ndatseka chigayo kapena bizinesi yalowa pansi, kapena mukachotsedwa mopanda chilungamo, mudzalandira ndalama ya sevelansi ngati mwakwanitsa chaka chimodzi. Lamulo limati malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse chathunthu m'zaka 5 zoyamba, masabata atatu pa chaka chilichonse kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10, ndi masabata anayi kupitirira apo. Ife tagwirizana kuwerenga masabata awiri ngati theka la mwezi. Pa malipiro a lero, zaka zitatu ndi K234,000. Malipiro akadzakwera, tidzawerengera omwe mukulandira pa nthawi yosiyanayo. Mukasiya nokha mwa kufuna kwanu, kapena mukachotsedwa moyenera pa zolakwa zanu, ndalama imeneyi palibe.

9. Ndikagulitsa chigayo, ntchito yanu ikupitirira kwa wogulayo ndipo zaka zanu sizifufutika. Ndikamwalira, mgwirizano udzatha pakapita mwezi umodzi, pokhapokha ana anga atasaina nanu kuti mupitirize.

10. Zonse zomwe muyenera kulandira ndidzakupatsani pasanathe masiku 7 ntchito itatha: malipiro otsala, ndalama ya notisi ngati ilipo, ya sevelansi ngati ilipo, ndi ya tchuthi. Tchuthi chanu ndi masiku 18 pachaka, kutanthauza tsiku limodzi ndi theka pamwezi, ndipo tsiku lililonse lomwe simunapume ndi K6,000. Ndidzalemba chilichonse pamzere wake kuti muwerengetse nokha. Ndidzakupatsaninso kalata yonena ntchito yomwe mumagwira, tsiku loyamba, tsiku lomaliza ndi malipiro anu. Chifukwa chosiyira ndidzachilembamo pokhapokha mutapempha.

Inu mudzabweza makiyi, masipanala, sefa zosungira ndi kope la ndalama pa tsiku lomaliza, tikuwerengera limodzi. M'chipinda cha kuseri kwa chigayo mungakhalemo masiku 14 ntchito itatha, ndipo ngati njira ya ku Makhanga yatsekeka mudzakhalabe mpaka itatseguka. Sindidzakutulutsirani katundu panja, ndipo sindidzagwira njinga kapena ziwiya zanu ngati chikole.

11. Tikasemphana pa ndime iliyonse, tidzayamba kukambirana pamaso pa mboni zathu ziwirizi pasanathe sabata. Izi sizikutsekerani njira ya boma. Mukaona kuti ndakuchotsani mopanda chilungamo, kadandauleni kwa mkulu wa ofesi ya leba ku Nsanje boma pasanathe miyezi itatu kuchokera tsiku lochotsedwa. Musadzalole kuti zokambirana zathu zikudyereni miyezi imeneyi. Nkhani ikakanika kumeneko imapita ku khoti loona milandu ya apantchito, lomwe kwa ife lili ku Blantyre.

Gawoli lawerengedwa mokweza pamaso pa tonse, ndipo a Chapepa afunsa mafunso awo m'Chisena n'kuyankhidwa. Makope ndi awiri ofanana, lina kwa ine, lina kwa inu. Kusintha kulikonse kulembedwe pa makope onse awiri ndi kusainidwa.

Tasaina ku Bangula Loweruka pa 28 Febuluwale 2026.

Wolemba ntchito: Felesiya Nyathando
Wolembedwa ntchito: Lusiyano Chapepa
Mboni ya wolemba ntchito: Edina Fombe
Mboni ya wolembedwa ntchito: Domingo Semba