4.2 Mmene chiwerengero cha anthu chakwerera m'Malawi, 1966 mpaka 2018

Galafu 4.1 ikuonetsa chiwerengero cha anthu m'Malawi pa akalembera asanu ndi mmodzi, malinga ndi malipoti a ofesi ya boma yoona za ziwerengero ya NSO, yomwe likulu lake lili kuno ku Zomba. Mzere wa pagalafuyi ukuyambira pa anthu 4,039,583 mu 1966 n'kukathera pa 17,563,749 mu 2018, kutanthauza kuti m'zaka 52 chiwerengerochi chawonjezeka kuposa kanayi. Palibe pomwe mzerewu watsika, koma sukukwera mofanana. Kuchoka mu 1966 kufika mu 1977, pomwe anthu anali 5,547,460, ukukwera pang'onopang'ono, pa 2.9 peresenti pachaka. Kenaka ukukwera mwamphamvu kufika pa 7,988,507 mu 1987, ndipo 3.7 peresenti ya nyengo imeneyi ndiyo yaikulu pa zonse. Chigawo chofunika kuchiyang'anitsitsa ndi cha 1987 mpaka 1998, pomwe mzere ukupendekeka ngati ukufuna kugona. Apa anthu sanachepe ayi: anafika 9,933,868, kuwonjezeka ndi pafupifupi 1.9 miliyoni. Chomwe chinatsika ndi liwiro, lomwe linafika pa 2.0 peresenti. Zaka za chigawochi ndi 11 pamene za chigawo cham'mbuyo ndi 10, ndiye kuyerekeza koyenera n'kwa pachaka: anthu pafupifupi 177,000 ankawonjezeka chaka chilichonse, pomwe m'mbuyomo ankawonjezeka pafupifupi 244,000. Nyengo ziwirizi zikugwirizana ndi kubwera kwa anthu othawa nkhondo ku Mozambiki m'ma 1980 komanso kubwerera kwawo pambuyo pa mgwirizano wamtendere wa 1992. Komabe galafu payokha siingatsimikize chifukwa, choncho nkhaniyi yaunikidwa m'Mutu 5. Kuchokera mu 1998 mzere ukudzukanso, kudutsa pa 13,077,160 mu 2008, ndipo chigawo chomaliza ndicho chokwera kwambiri, poti m'zaka khumi munawonjezeka anthu pafupifupi 4.5 miliyoni. Wongoyang'ana ndi maso angaganize kuti liwiro ndilo lakula, koma si choncho: linali 2.8 peresenti pakati pa 1998 ndi 2008, kenaka 2.9 peresenti pakati pa 2008 ndi 2018, chimodzimodzi ndi la pakati pa 1966 ndi 1977. Kusiyana kwake n'kwakuti peresenti yomweyo tsopano ikuwerengedwa pa anthu 13 miliyoni, osati 4 miliyoni, n'chifukwa chake ikubala anthu pafupifupi 449,000 pachaka m'malo mwa 137,000. Manambala owerengedwadi ndi a pa madontho asanu ndi limodzi okha. Timizere tolumikiza madonthowo sitikuimira kalembera wina aliyense, choncho kafukufukuyu sanatengepo chiwerengero cha chaka chapakati, monga 1992, poyerekeza ndi za m'boma la Zomba m'gawo 4.3.