Kalata kwa Bwana Manijala pa nkhani ya maoda osintha lole itapakiridwa kale

Nyumba ya Katundu,
Kanengo, Lilongwe.
Lolemba, 12 Meyi 2025

Kwa Bwana Manijala wa Zotumiza Katundu

Wolemekezeka Bwana,

Pamsonkhano wa pa 2 Meyi munatipempha kuti aliyense amene akuona chimene chikubweza ntchito m'mbuyo anene mosaopa, ndipo munati mungakonde kuti zikhale zolembedwa. Tayankha ndi kalata imodzi tonse 11, kapitawo, makalaliki awiri ndi opakira 8, chifukwa nkhaniyi ikutikhudza tonse. Tapereka kwa inu nokha. Sitinatumize ku likulu kapena ku ofesi yoona za antchito, popeza tikukhulupirira kuti ikhoza kuthera patebulo panu.

Pali zimene munakonza zomwe sitikufuna kuti zibwerere mwakale. Chiyambireni lamulo lanu loti katundu wofika kale ndiye azituluka poyamba, ufa woola kuseri kwa mulu sitikuuonanso. Malole nawonso anasiya kulimbirana pakhomo kuyambira pamene munaika ndandanda pabolodi.

Vuto ndi la maoda amene amasintha pakamwa kapena pafoni lole itadzaza kale. M'buku la pageti muli maulendo 31 a mwezi wa Epulo, ndipo 7 mwa amenewa anasintha titamaliza kupakira. Tikudziwa kuti kawirikawiri kusinthako sikuyambira kwa inu, kumachokera kwa a zamalonda kasitomala akawaimbira mochedwa. Koma mawu amatifikira kudzera kwa inu, ndipo inu ndi amene mungaike malire.

Tikupemphani muone mmene zimakhalira pansi pano. Lole timaipakira motsata msewu: katundu wotsika komaliza amalowa poyamba. Ya matani 30 imene inayenera kupita kumpoto pa 8 Epulo ndi yotseguka kumbuyo kokha. Kutsogolo kwenikweni tinaika matumba 300 a ufa watirigu a ku Mzuzu, pakati matumba 100 a mchere a pa Jenda, kukhomo matumba 200 a mpunga a ku Kasungu, onse a makilogalamu 50. Anthu 8 amatha ntchito imeneyi m'maola awiri ndi theka. Nthawi ya 4:30 madzulo munaimbira kapitawo kuti pa ufa wa ku Mzuzu tichotsepo matumba 80, m'malo mwake tiikemo mabelo 200 a shuga. Kulemera kwake n'kofanana, matani 4, choncho papepala kunali kusintha kwakung'ono. Koma kuti tifike pa ufawo tinatsitsa kaye matumba 300 a mpunga ndi mchere, kenako 80 aja, n'kukweza shuga, n'kubwezeranso 300 onse. Tinaweruka 8 koloko usiku. Matumba 6 a mpunga anang'ambika chifukwa chonyamulidwa katatu, ndipo dalaivala amene akananyamuka kukuwala anagona pa Kanengo.

Thukuta si nkhani yaikulu, ndi ntchito yathu. Chimene chikutisowetsa tulo ndi mapepala. Pamene foni imalira, delivale noti inali itasindikizidwa kale, khadi la ufa litachotsedwa 300, geti pasi itasainidwa. Matumba 80 anabwerera pamulu popanda pepala lowabwezera, shuga anatuluka popanda pepala lomutulutsa. Powerenga sitoko kumapeto kwa sabata ufa unapitirira ndi 80, shuga anaperewera ndi mabelo 200, ndipo makalaliki anatha masiku awiri akufufuza chinthu chimene sichinasowe n'komwe.

Pa 17 Epulo, tsiku loti mawa lake ndi Lachisanu Loyera, zinafika poipa. Lole ya ku Salima ili pageti, munauza mmodzi wa opakira kuti awonjezere zigubu 15 za mafuta ophikira za malita 20. Iye anamvera, monga aliyense wa ife akanachitira. Kalaliki anali kuseri akulandira katundu wina ndipo sanamve. Zigubuzo zitaoneka kuti zikusowa, munanena pamsonkhano wa m'mawa, pamaso pa madalaivala ndi alonda, kuti m'nyumba muno muli manja aatali ndipo ndalama yake idulidwa pa malipiro athu. Zinadziwika pa 29 Epulo kuti mafutawo anafika kwa kasitomala, invoisi yokha ndiyo sinalembedwe. Palibe amene anadulidwa, ndipo tikuthokoza. Koma amene anamva mawu oyamba aja sanamve kuti nkhaniyo inatha bwanji, ndipo ena mwa alonda mpaka lero amatisecha ngati anthu okayikitsa. Zimenezi zimapweteka, Bwana, makamaka kwa achikulire amene agwira muno zaka zoposa 10 popanda mlandu.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Tinayenera kulemba m'buku nthawi yomweyo ndi kukukumbutsani za pepala, koma tinkaopa kuoneka ngati tikukana ntchito. Mantha amenewa ndi amene akuchititsa kuti zolakwika zizidziwika mochedwa.

Pempho lathu lalikulu ndi ili: maoda a lole yonyamuka mawa azitsekedwa 3 koloko masana, ndipo kupakira kuziyamba ikakwana nthawi imeneyo. Kasitomala akaimba mochedwa, katundu wake azidikira ulendo wotsatira, kapena aziikidwa kukhomo kwa lole ngati malo alipo, osapasula zimene zapakiridwa. Tikudziwa kuti nthawi zina kukana sikungatheke. Zikatero, kusinthako kuzibwera kolembedwa, ngakhale uthenga waufupi pagulu lathu la WhatsApp, wotchula nambala ya lole, katundu wotsika, katundu wokwera, ndi kuchuluka kwake. Kalaliki azifafaniza delivale noti yakale, kusindikiza yatsopano ndi kukonza makadi onse awiri, ndipo mlonda asatsegule geti asanaone geti pasi yatsopano. Zonsezi sizipitirira mphindi 15. Tikupempha kuti munene nokha pamsonkhano kuti wopakira amene wayankha kuti "ndidikire pepala" sakuchita mwano, akutsata lamulo lanu.

Katundu akaoneka kuti waperewera, tipatseniko masiku awiri ogwira ntchito kuti tifananitse makadi, buku la pageti ndi mapepala a dalaivala nkhani isanatchulidwe pagulu. Ngati pali munthu wofunika kufunsidwa, aziitanidwa ku ofesi. Ndipo za zigubu 15 zija, mawu anu ochepa pamsonkhano womwewo onena kuti zinapezeka angatichotsere manyazi.

Chotsala ndi ovataimu. Pa masiku 7 aja tinapitirira nthawi ndi maola 19 aliyense, koma sanalembedwe chifukwa fomu imafuna siginecha yanu ntchito isanayambe, pamene ntchitoyo inabwera mwadzidzidzi. Lamulo la Zantchito la 2000 limati ola lowonjezera pa tsiku wamba lilipidwe kamodzi ndi theka. Sitikutchula izi moopseza. Tikungopempha kuti kapitawo aziloledwa kulemba maolawo usiku womwewo, inu n'kusaina m'mawa. Maola a Epulo tawalemba papepala limene talumikiza ku kalatayi, tsiku ndi tsiku, motsata nthawi imene mlonda analemba potuluka.

Mwina pali zifukwa za kumtunda zimene ife pansi pano sitiziona, ndipo tikufuna kuzimva. Ngati mungapeze mphindi 30 Lachinayi pa 15 Meyi, tikabwerako kutchuthi cha Kamuzu, kapitawo, kalaliki mmodzi ndi wopakira mmodzi adzabwera ndi buku la pageti ndi makadi. Tikupempha kuti atatuwa asaonedwe ngati otsogolera madandaulo, tawatuma ndife. Malire a 3 kolokowo tikhoza kungowayesa mwezi wa Juni wokha, kenako tidzawerengere limodzi malole amene anyamuka pa nthawi yake.

Tasaina kuseri kwa pepalali motsata afabeti, ndipo kope limodzi tasunga mufayilo ya nyumba ya katundu.

Ndife anu pantchito,
Kapitawo, makalaliki ndi opakira a m'nyumba ya katundu